Chitsononkho Chikasanduka Khanda

Pansi pa mtengo wa mango, ana anayi ali pa masanje. Chitini ndiye poto, dothi ndiye ufa, ndipo chitsononkho chokulungidwa m'kansanza ndiye khanda. Kamtsikana ka zaka zinayi, kamene kunyumba sikakhazikika, kangokhala phee kudikira kuti ndiwo zipse. Mnzake atati adzuke, kakumuletsa: "Inu ndinu odwala, odwala sathamanga!"

Katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku Russia, Lev Vygotsky, anafotokoza zoterezi mu 1933 pokamba nkhani ku Leningrad. Iye ankati masewera oyerekezera sakhala opanda malamulo, kungoti malamulowo amabisala mu udindo umene mwana wadzisankhira. Wakhala mayi, ndiye kuti khanda sangalitaye. Mwana amene akuvutika kumvera lamulo la munthu wamkulu amamvera la masanje mosangalala, chifukwa akaliphwanya masewerawo atha.

Wofufuza wina wa komweko, Zinaida Manuilenko, anayesa mfundoyi. Ana ankauzidwa kuti angoima osagwedezeka, kenako ankaima chimodzimodzi koma ngati alonda m'masewera. Pa ulondawo ankapirira nthawi yaitali, makamaka a zaka zinayi ndi zisanu. Aang'ono kwambiri zinkawakanika konsekonse, pomwe okulirapo ankatha kuima ngakhale popanda masewera. Apa mpomwe ine ndimaona kuti masanje ali ngati mkono umene mwana amagwirira mpaka atayamba kudziletsa payekha.

Chitsononkho chija nachonso chili ndi ntchito. Kuti achitche khanda, mwanayo walekanitsa chimene maso akuona ndi tanthauzo limene wachipatsa. Luso lomweli adzalifuna m'kalasi, akamadzauzidwa kuti kachizindikiro ka 5 kakuimira miyala isanu. N'chifukwa chake sindida nkhawa sukulu ya mkombaphala ikasowa zidole za m'sitolo. Chidole chofanana ndendende ndi foni chimangokhala foni basi, koma kathabwa kamatha kukhala foni m'mawa, masana n'kukhala sopo.

Zimasokonekera mlezi akalanda masewera, n'kuyamba kugawa yekha maudindo ndi kufunsa "ichi ndi mtundu wanji?" pomwe ana ali mkati mophika. Kuwadula msanga nakonso kumaononga, pakuti kukambirana kokha kuti mayi akhala ndani kumatenga nthawi. Mudzadziwa kuti masanje sanakhwime mukaona mwana akungotakasa dothi mobwerezabwereza, osayankhula ndi mnzake. Pamenepo mlezi alowe ngati mlendo, aodire, afunse ngati ndiwo zapsa, nkhani ikayamba kuyenda atsanzike.

Tisawasenzetse masanje katundu yense ayi. Mu 2013, Angeline Lillard ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti umboni woti masewera oyerekezera paokha ndiwo amakulitsa nzeru ndi wosakwanira. Kuti chilembo cha "m" chimamveka bwanji, mwana sangazitulukire m'chitini. Pamafunika munthu womuuza.