Kukhetsa batire ndi kutalika kwa moyo wake

Kuzama kwa kukhetsa ndi gawo la moto limene lachotsedwa m'batire asanalitchajenso. Batire la 100 Ah likatulutsa 50 Ah, lakhetsedwa ndi theka. Moyo wa batire umawerengedwa m'maulendo okhetsa ndi kutchaja, mpaka mphamvu yosunga moto itatsika kufika pa 80 peresenti.

Batire la mtovu ndi asidi limavutika kwambiri likamakhetsedwa mozama. Moto ukamatuluka, pa mapuleti pamamera salifeti wa mtovu, amene amafufumitsa mapuletiwo n'kumawayoyola pang'onopang'ono. Batire likakhalitsa losatchaja, salifetiyo amauma osasungunukanso. Mabatire ambiri omata a mtunduwu amapirira maulendo 200 mpaka 300 akamakhetsedwa kotheratu, koma oposa 1,000 akamachotsedwa 30 peresenti yokha. N'chifukwa chake oika sola amalangiza kusapitirira theka.

Mu batire la LiFePO4, lifiyamu amangolowa ndi kutuluka m'timipata ta chinthu cholimba chimene sichisintha kwenikweni kukula. Kukhetsa mozama kumachepetsabe moyo wake, koma likamachotsedwa 80 peresenti limadutsa maulendo 2,000. Choncho pa 100 Ah, la mtovu mungadalire 50 Ah usiku uliwonse, pamene la lifiyamu mungadalire 80 Ah.