Maiwe a ku Kaunda Square anatha, zimbudzi za ku Mtendere zinadikira

Kumpoto chakummawa kwa Lusaka, kuseri kwa nyumba za ku Kaunda Square, kuli maiwe akuluakulu amene amalandira madzi onyansa ochokera m'zimbudzi za mbali imeneyo ya mzinda. Ntchito yawo ndi yosavuta kuimva. Madzi amayamba alowa m'dziwe lakuya, mmene zolemera zimadikha pansi n'kumawola. Kenaka amapita m'maiwe osaya, kumene dzuwa ndi ndere zimathandiza kupha tizilombo, ndipo akamatuluka amakhala atayerako. Poyamba maiwewa anamangidwira anthu pafupifupi 18,000, koma mzinda unakula n'kuwapitirira kutali. Atakonzedwa ndi kukulitsidwa ndi thandizo la dziko la America, anafika poti angatumikire anthu pafupifupi 156,000. Wolemba lipoti la kutha kwa ntchitoyo akanatha kuimira pa nambala yokoma imeneyi, akuluakulu n'kuwomba m'manja. Lipoti lotero likanakhala lopanda bodza m'mawu ake, komabe likananamiza anthu.

Maiwewa anali gawo limodzi chabe la pangano la madola 354.8 miliyoni limene boma la Zambia linasainirana ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation pa 10 Meyi 2012. Ntchito inayamba kuwerengedwa pa 15 Novembala 2013 n'kutsekedwa pa 15 Novembala 2018, pakuti mapangano a bungweli amakhala a zaka zisanu. Munalinso kukonza malo oyeretsera madzi a Iolanda ku Kafue, kumanga ngalande ya Bombay, ndi kuyala mapaipi a madzi ndi a suweji m'komboni ya Mtendere. Apa ndi pamene pagona nkhani. Maiwe a ku Kaunda Square sanakulitsidwe kuti akongoletse dera. Anakulitsidwa kuti, mwa zina, alandire zonyansa za ku Mtendere. Tsiku lotseka litafika, maiwe anali atatha, koma suweji ya ku Mtendere inali isanathe. Kontilakita wa kumeneko anatsalira kwambiri, ndipo boma linachita kukhazikitsa bungwe lina, Millennium Project Completion Agency, kuti limalize zotsalazo ndi ndalama za dziko. Malipoti amene eni thandizo anatulutsa poyera pambuyo pake, kuphatikizapo lotsekera lotchedwa Star Report, sanabise kuti ntchito zina zinatsala.

Kuvomera kumeneku ndi koyenera, ndipo chifukwa chake chimaoneka munthu akatsatira ulendo wa madziwo kuchokera kumene amayambira. Kuti dontho limodzi lichoke pa yadi ya ku Mtendere n'kukafika ku Kaunda Square, pamafunika chimbudzi chogejemula, madzi okwanira ogejemulira, kapaipi kochokera pa yadi kukalowa m'paipi ya mumsewu, paipi ya mumsewuyo, ndi paipi yaikulu yopita ku maiwe. Chimodzi chikasowa, zina zonse zimangokhala. N'chifukwa chake lipoti lonena kuti mapaipi ambiri anayalidwa silinayankhe funso la mayi amene mvula ikagwa chimbudzi chake chokumba chimasefukira mpaka pamene ana amasewera. Mapaipi oyalidwa ndi ntchito ya omanga. Nyumba zolumikizidwa ndiye phindu la anthu. Lipoti loona liyenera kuika ziwirizi m'mizere yosiyana, ndipo ngati mzere wachiwiri uli wopanda kanthu pa tsiku lotseka, lilembe momwemo.

Pali amene anganene kuti nkhaniyi ndi ya kontilakita mmodzi, ndipo kuitchula kamodzi n'kokwanira. Ayi, sikokwanira, chifukwa ngakhale kontilakita akanamaliza pa nthawi yake, panali khoma lina kutsogolo. M'makomboni a Lusaka mabanja ambiri amachita lendi, angapo pa yadi imodzi, chimbudzi chimodzi. Amene amavutika ndi chimbudzi chodzadza ndi wolipira lendi, koma amene angamange chatsopano ndi landilodi, ndipo kawirikawiri iye amagona kwina. Chimbudzi chogejemula chimafuna njerwa, simenti, mmisiri ndi bilu ya mwezi ndi mwezi. Pulojekiti ikawerengera paipi mpaka pa geti n'kuganiza kuti zotsalazo zidzichita zokha, vuto limakhala litayambira papepala, fosholo isanakhudze dothi. Lipoti limene lingaloze chala kontilakita yekha limasiya okonza mapulani osaphunzira kanthu, ndipo adzabwereza zomwezo ku Kanyama kapena ku George. Phunziro lolembedwa bwino limatchula chochita: ndalama zothandizira kumanga zimbudzi zikhalepo kuyambira chaka choyamba, ndipo ntchito yovuta kwambiri, yokumba m'tinjira topanikizika ta m'komboni, isasiyidwe kuti idzapikisane ndi tsiku lotseka.

Chitsanzo china ndi cha madzi otayika. Pulojekiti isanayambe, pa malita 100 alionse amene kampani ya Lusaka Water inkapopa, pafupifupi 48 sankabweretsa ndalama. Ena ankatuluka m'mapaipi obooka, ena ankabedwa, ena ankamwedwa popanda mita. Cholinga chinali kutsitsa nambalayi kufika pa 34, koma pofika 2018 sinafike pamenepo. Kungolemba kuti cholinga sichinakwaniritsidwe ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kusiyanitsa madzi otayikira m'nthaka ndi madzi ofika kwa anthu koma osalipiridwa, pakuti mankhwala ake ndi osiyana: oyambawo amafuna mapaipi atsopano, enawo amafuna mamita, mabuku olondola a makasitomala ndi anthu otolera ndalama. Wowerenga akaona kuti lipoti latchula cholinga, pamene anafika, chifukwa cha kusiyanako ndi amene atenge zotsalazo, adziwe kuti olembawo sanazembe.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi mantha akuti kunena zolephera kumathamangitsa opereka thandizo ndiponso kumaika pachiswe antchito amene anachita khama. Manthawo ndi omveka. Palibe amene amafuna dzina lake pafupi ndi nambala yoipa. Koma opereka ndalama amatumiza ofufuza awoawo, monga anachitira pa pulojekitiyi, ndipo chobisika lero chimadzaululika mawa n'kuchotsa chikhulupiriro pa nambala zabwino zomwe. Kuti anthu akhulupirire 156,000 ya ku Kaunda Square, ayenera kuona kuti dzanja lomwelo linalemba zimene zinatsala ku Mtendere. Komanso mtengo wa kubisa sulipiridwa ndi a mu ofesi. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017, ntchitoyi ili mkati, inadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo kumayambiriro kwa 2024 bwalo la Heroes linasanduka chipatala cha odwala kolera. Mumzinda wotere, komboni yolembedwa kuti yathandizidwa pamene sinathandizidwe imachotsedwa pa mndandanda wa odikira.

Pamene malipoti oterewa amaperewera ndi pa anthu amene amawawerenga. Amalembedwa m'Chingelezi n'kuikidwa pa intaneti, ndipo amene anapirira maenje kutsogolo kwa zitseko zawo kwa zaka samamva chimene chinalembedwa za iwo. Makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi a Mtendere ndi Kaunda Square ali ndi ufulu wopempha Lusaka Water, komanso NWASCO imene imayang'anira makampani a madzi, kuti abwere pamsonkhano wa anthu ndi tsamba limodzi la m'Chinyanja. Tsambalo linene nyumba zimene zinalonjezedwa, zimene zalumikizidwa mpaka lero, ndi tsiku limene zotsalazo zidzafikiridwe.