Ntchito "yayamba" liti, ndipo "yatha" liti? Mawu a m'ndondomeko ya ntchito

Mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la ku Nsanje, pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Khoma la konkire lokochezapo maboti linali litamangidwa, koma boti limene linkayembekezeka kufika ndi feteleza linagwidwa ku Mozambique, dziko limene linkafuna kuti kafukufuku wa njira ya pamadzi ya Shire ndi Zambezi achitike kaye. Kufikira lero doko lija silinalandire katundu monga mmene ankafunira. Ine amene ntchito yanga ndi kulemba ndondomeko za zomangamanga, phunziro limene ndimatengapo si la ndale. Kumanga kunatha, kutsegulira kunachitika, koma kuyamba kugwira ntchito kunali kudikira chilolezo cha boma lina. Zinthu zitatuzi zili ndi masiku atatu osiyana, ndipo amene akulemba ndondomeko sayenera kuziika pamzere umodzi.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu limodzi m'chimangirizo ndi umbuli. Ndiye mkulu wa ntchito akamalemba ndondomeko amasinthasintha: apa "kuyamba", apo "kukhazikitsa", kutsogoloko "kutsegulira". Mapeto akenso chimodzimodzi, "kumaliza", "kutsiriza", "kupereka", "kutseka". M'nkhani ya m'nyuzipepala zimenezi zilibe vuto. Koma ndondomeko imawerengedwa ndi kontirakita, injiniya, wowerengera ndalama, komiti ya alimi ndi a DC, ndipo aliyense akaona liwu latsopano amayesa kuti ndi chochitika chatsopano. Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito ndi lakuti liwu lililonse likhale ndi chochitika chake chimodzi, tsiku lake limodzi, ndi pepala limene likuchitira umboni.

Tiyambe ndi mawu oyambira. Kusainirana mgwirizano ndi tsiku limene mbali ziwiri zasaina, ndipo panthawiyo palibe ndi khasu lomwe limene lakhudza nthaka. Kupereka malo ndi tsiku limene mwini ntchito wamusonyeza kontirakita malire ndi kumulola kulowa, ndipo kuno kuchigwa cha Shire nthawi zambiri zimenezi zimadikira kuti nkhani ya minda ithe ndi a gulupu ndi eni ake. Kusonkhanitsa zida ndi masiku amene makina, simenti ndi anthu zikutsika Thabwa kubwera pamalo. Kukhazikitsa ntchito, kapena kuika mwala wa maziko, ndi mwambo wa akuluakulu ndi magule. Pomaliza pali tsiku loyambira kuwerenga, limene injiniya amalemba m'kalata yolamula kontirakita kuyamba. Pa masiku onsewa, lokhali ndi limene limayendetsa wotchi ya mgwirizano, pokhapokha ngati mgwirizanowo wanena zina.

Chitsanzo chachikulu chili pakhomo pompano. Pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumba ngalande yotenga madzi ku Kapichira, papepala inayamba mu 2018, koma mwambo woikhazikitsa unachitika mu 2020. Amene anganene 2018 sakunama, amene anganene 2020 sakunamanso, chifukwa akukamba zinthu ziwiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira ndi kuwononga ntchito ya polowera madzi. Zikatero, ndondomeko imafunika mawu ena awiri, kuima ndi kuyambiranso. Tsiku loyambiranso silifufuta tsiku loyamba lija. Amene amafufuta amabisa masiku amene atayika, ndipo pamasiku omwewo ndi pamene pamachokera mkangano woonjezera nthawi.

Kuti tione ndalama zimene zabisala m'mawuwa, tiyerekeze ntchito yaing'ono. Mukukonza ngalande ya konkire pa sikimu ya mpunga kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Mtengo wake ndi K200 miliyoni, nthawi yake masiku 120 a pakalendala, ndipo mgwirizano ukuti kontirakita akachedwa azidulidwa K200,000 patsiku. Mwasainirana Lolemba pa 4 Meyi 2026. Koma alimi anali asanamalize kukolola, choncho malo mwapereka pa 1 Juni. M'ndondomeko yanu mwangolemba kuti "kuyamba ntchito", osanena kuti ndi kuyamba kuti.

Wowerengera ndalama wanu awerenga kuyambira pa 4 Meyi, napeza kuti tsiku la 120 ndi 31 Ogasiti. Kontirakita awerenga kuyambira pa 1 Juni, napeza 28 Sepitembala. Kusiyana kwake ndi masiku 28, amene pa K200,000 patsiku akukwana K5,600,000. Kontirakita akamaliza pa 28 Sepitembala, iye aziti wasunga nthawi, ofesi yanu iziti wachedwa milungu inayi, ndipo onse awiri aloza pepala lomwelo. Pamkangano woterewu ine ndimaima ndi kontirakita, chifukwa munthu sangakumbe m'munda umene sanaloledwe kulowamo. Koma mkanganowo sukanabuka pakanakhala mizere itatu: kusainirana mgwirizano, 4 Meyi, kupereka malo, 1 Juni, tsiku loyambira kuwerenga masiku 120, 1 Juni.

Mawu omalizira ndi amene amavuta kwambiri, chifukwa aliyense amakhala atatopa ndipo akufuna kumva kuti yatha. Foromani akakuimbirani kuti "bwana, tamaliza", nthawi zambiri amatanthauza kuti athira konkire womaliza. Kafikeni pamalopo. Mupeza matabwa akadali m'mbali mwa ngalande, masaka onyowa atayalidwa pamwamba, ndi mnyamata akutunga madzi n'kumathirira. Konkire amafunika kusungidwa wonyowa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake timaiyesa pa masiku 28. M'dzuwa la ku Chikwawa, limene mu Okutobala limapitirira madigiri 40, konkire wosathiriridwa amang'aluka timizere ting'onoting'ono timene timadzaoneka bwino madzi akayamba kudontha. Choncho "kumaliza kuthira konkire" ukhale mzere wake, ndipo "kulowetsa madzi koyesera" ubwere pambuyo pake, masiku odikira atalembedwa pakati.

Pambuyo pa kuyesako pamabwera kulandira ntchito. Apa injiniya amayendera ngalande yonse, kulemba tizolakwika totsala, ndi kusaina satifiketi yonena kuti mwini ntchito wailandira. Satifiketiyi imachita zinthu zitatu tsiku limodzi. Imaimitsa chindapusa cha kuchedwa, imasamutsa udindo wosamalira ngalande kuchoka kwa kontirakita kupita kwa inu, ndipo imayambitsa nyengo yokonza zolakwika, imene kawirikawiri imakhala miyezi 12. M'chitsanzo chathu, ngati munkasunga K5 pa K100 iliyonse, muli ndi K10 miliyoni ya kontirakita. M'mapangano ambiri theka limabwezedwa tsiku lolandirali, ndipo theka linalo limadikira kutha kwa miyezi 12 ija. Nyengo imeneyi ndimaikonda chifukwa imadutsa dzinja limodzi lathunthu. Kuchigwa kuno ngalande imene sinaonepo madzi a Januwale ndi Malichi sitinaidziwe khalidwe lake.

Pali msampha umodzi umene mamanijala a masikimu amagweramo chifukwa cha chifundo. Alimi akuona ngalande yoti yauma, mbewu zili pa nazale, ndiye amapempha kuti atsegule madzi satifiketi isanatuluke. M'mapangano a mtundu wa FIDIC, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ntchito zikuluzikulu za boma, mwini ntchito akayamba kugwiritsa ntchito gawo lina, gawolo limatengedwa ngati lalandiridwa tsiku lomwelo. Khoma likagumuka mlungu wotsatira, kontirakita adzati munalandira kale, ndipo adzakhala ndi poimira. Ngati alimi sangadikire, gawani ngalandeyo m'magawo kuyambira pachiyambi, gawo lililonse ndi tsiku lake lolandirira.

Kutseka ntchito ndi chinthu chinanso, ndipo kumabwera kumapeto kwenikweni: zolakwika zakonzedwa, satifiketi yomaliza yatuluka, ndalama zonse zalipidwa, mabuku atsekedwa. Ntchito yathu yolandiridwa mu Sepitembala 2026 idzatsekedwa cha mu Okutobala 2027. Popeza chaka cha boma cha ndalama chimatha pa 31 Malichi, K5 miliyoni yotsalayo iyenera kukhala m'bajeti ya chaka chotsatira. Amene analemba kuti "kutseka" pa tsiku lolandira amadzapeza kuti ndalamayo palibe amene anaiikira pambali.

Mawu awiri musawaike m'gulu la kumaliza ngakhale pang'ono. Kuimitsa ndi kupumitsa ntchito imene idzapitirire, monga madzi akasefukira msewu wa ku Makhanga n'kuduka. Kuthetsa ndi kudula mgwirizano ntchito isanathe. Lipoti limene likuti "ntchito ya mjigo inatha mu Juni" pamene zoona zake n'zakuti mgwirizano unathetsedwa, limapangitsa mudzi kuchotsedwa pa mndandanda wa ofunika madzi.

Tizilumikizi nato timasokoneza. "Pofika pa 30 Juni" ena amamva kuti pa 30 pomwepo mpololedwa, ena amamva kuti ikhale itatha pa 29. Ine ndimalemba kuti "tsiku lomaliza: 30 Juni, 4 koloko madzulo". Powerenga masiku, kumbukirani kuti tsiku loyamba limawerengedwa nawo. Mu Excel, ngati tsiku loyamba lili mu A2 ndipo chiwerengero cha masiku chili mu B2, mzere woyamba ukupatsani tsiku lomaliza pa masiku a pakalendala, wachiwiri pa masiku ogwira ntchito okha:

```
=A2+B2-1
=WORKDAY(A2,B2-1)
```

Mukaiwala `-1`, ntchito iliyonse italika ndi tsiku limodzi. Dziwaninso kuti `WORKDAY` amachotsa Loweruka ndi Lamulungu, pamene makontirakita ambiri amagwira Loweruka, ndipo sadziwa maholide athu monga 6 Julayi pokhapokha mutamupatsa mndandanda wake.

Ogwiritsa ntchito Microsoft Project ali ndi mwayi woti pulogalamuyo inasiyanitsa kale. `Baseline Start` ndi `Baseline Finish` ndi masiku amene munagwirizana poyamba, ndipo sasinthidwa mwachisawawa. `Actual Start` ndi `Actual Finish` ndi zimene zachitikadi. `Start` ndi `Finish` amasuntha malinga ndi mmene ntchito ikuyendera. Masiku 7 odikira konkire aja amalembedwa mu `Predecessors` motere: `12FS+7ed`, kutanthauza kuti ntchitoyi iyambe patapita masiku 7 a pakalendala ntchito nambala 12 itatha. Chizindikiro choti ndondomeko yadwala ndi pamene `Baseline Finish` akufanana ndi `Actual Finish` pa mizere yonse. Palibe ntchito imene imayenda choncho, ndipo zikutanthauza kuti wina wakhala akusintha malonjezo kuti afanane ndi zochitika.

Amene mumalemba pa bolodi kapena m'kope, chitani zomwezo ndi cholembera. Patsamba loyamba lembani mawu amene mwasankha, ndipo pambali pa lililonse mulembe pepala lochitira umboni ndi udindo wa wosaina: kupereka malo, kalata yosainidwa ndi injiniya, kontirakita ndi wapampando wa komiti ya alimi, kulandira, satifiketi ya injiniya. Tsambali liwerengedwe mokweza pamsonkhano woyamba wa pamalo, m'Chichewa ndi m'Chisena ngati kuli kofunika, komiti ndi amfumu ali pomwepo, ndipo lilowe m'maminitsi a msonkhanowo.