Kamera ikugwira ntchito uku, kwinaku kuli bii: vuto lili pati?

Tiyerekeze mayi wina amene waitanidwa ku mayeso a ntchito a pa Zoom. Nthawi itayandikira watsegula laputopu yake ya Windows, walowa mu Zoom, koma pamalo poti paoneke nkhope yake pangoti bii. Watseka Zoom nʼkutsegula pulogalamu ya Camera imene imabwera ndi Windows, ndipo nkhope ija yaoneka bwinobwino. Wabwereranso ku Zoom, mdima uja uli pompo.

Ambiri akafika apa amaganiza kuti kamera yayamba kufa, nʼkunyamula laputopu ulendo wa kwa okonza. Ndimamva chisoni ndikamva kuti munthu walipira ndalama zosinthitsira kamera pa vuto lotere, chifukwa kamera imene yaonetsa chithunzi mu pulogalamu imodzi ndi yamoyo. Galasi lake lili bwino, kawaya kake sikanaduke, ndipo kachitseko kotsekera kamera kamene kamakhala pa malaputopu ena nʼkotsegula, pakuti kakanakhala kotseka, mdima ukanakhala paliponse. Chatsekeka ndi njira ya pakati pa kamera ndi pulogalamu inayo basi.

Mayi uja asanakhudze chilichonse, ayangʼane kagetsi kakangʼono kamene kali pambali pa kamera. Malaputopu ambiri ali nako, ndipo kamayaka pokhapokha kamera ikamagwira ntchito. Kagetsi kameneka kamaulula zambiri.

Ngati kayaka kale iye asanatsegule Zoom, ndiye kuti pali pulogalamu ina imene yagwira kamera. Mwachizolowezi, pa Windows kamera imatumikira pulogalamu imodzi pa nthawi imodzi, ngati mjigo umene umadzaza ndowa imodzi, enawo nʼkumadikira pamzere. Chosokoneza nʼchakuti kudina `X` pakona sikuzimitsa pulogalamu iliyonse. Ena, monga Teams, amangobisala kumunsi pafupi ndi wotchi nʼkumapitiriza kugwira ntchito. Tsamba la Google Meet loiwalika mu Chrome nalo limatha kukakamira kamera. Ngakhale pulogalamu ya Camera imene mayiyu amayesera ija, akaisiya yotsegula, ndi yomweyo imene imanize Zoom chithunzi. Adine `Ctrl + Shift + Esc` kuti atsegule `Task Manager`, asankhe pulogalamu imene akuikayikira, nʼkudina `End task`. Kagetsi kaja kakazima, atsegulenso Zoom. Akapanda kupeza wolakwa, adine `Restart`, chifukwa kuyambitsanso kompyuta kumamasula kamera kwa aliyense amene anaigwira.

Koma tinene kuti kwa mayiyu kagetsi sikakuyaka nʼkomwe akalowa mu Zoom, pomwe mu Camera kakuyaka. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasokera. Kuyambira mu 2018, zoikamo za chinsinsi za Windows 10 zinayamba kukhudzanso mapulogalamu amene munthu amadziikira yekha mu kompyuta. Windows imagawa mapulogalamu pawiri. Alipo ochokera mu Microsoft Store, monga Camera, amene aliyense ali ndi batani lake la chilolezo. Alipo ena amene mumawatenga pa intaneti nʼkuwaika nokha, monga Zoom, Chrome ndi Firefox, ndipo amenewa amalowera pa khomo limodzi onse. Khomo limeneli likatsekedwa, Camera imaonetsa nkhope yanu mosavuta pomwe Zoom ndi Chrome zili mumdima.

Pa Windows 11 njira yake ndi iyi:

```
Settings > Privacy & security > Camera
```

Pa Windows 10 ndi `Settings > Privacy > Camera`. Pa Windows 11, pamwamba pa tsambalo pali mabatani awiri, `Camera access` ndi `Let apps access your camera`. Anthu amaona kuti onsewa ali pa `On`, nʼkutseka tsamba ali okhutira. Musathamange. Tsikani mpaka pansi, kudutsa mndandanda wonse wa mapulogalamu, ndipo mupeza lachitatu lolembedwa `Let desktop apps access your camera`, kapena pa Windows 10 `Allow desktop apps to access your camera`. Limeneli ndi limene limalamulira Zoom. Mayi uja akalipeza pa `Off`, aliyatse, atseke Zoom kotheratu, nʼkuitsegulanso. Kuti atsimikize popanda kuvutitsa munthu, alowe pa `zoom.us/test`, pamene Zoom imakupatsani msonkhano woyeserera muli nokha.

Chenjezo limodzi apa. Ngati laputopu ndi ya kuntchito ndipo batani limeneli lili lotumbuluka, losadinika, ndiye kuti analitseka dala ndi oyangʼanira makompyuta a pakampanipo. Musalimbane nalo, kawauzeni iwowo. Ma antivairasi ena nawonso ali ndi gawo loteteza kamera limene limalola pulogalamu ina nʼkukaniza ina. Ngati muli nayo yotere, lowanimo muilole Zoom, osati kuzimitsa antivairasi yonse.

Zilolezo zonse zili bwino koma mdima sukuchoka? Mwina Zoom ikuyangʼana pa kamera yolakwika. Kompyuta imodzi imatha kukhala ndi makamera angapo pa mndandanda, ena osagwirika ndi manja. Amene anaikapo OBS Studio, pulogalamu imene matchalitchi ambiri amaulutsira mapemphero pa intaneti, amakhala ndi `OBS Virtual Camera`, ndipo mapulogalamu osandutsa foni kukhala kamera ya kompyuta amasiyanso mayina awo. Zoom ikasankha imodzi mwa zimenezi pulogalamu yake ili yozima, mumaona mdima kapena chithunzi chongoima. Dinani kamuvi kamene kali pambali pa batani la vidiyo, ndipo musankhe kamera yeniyeni, imene dzina lake nthawi zambiri limakhala `Integrated Camera` kapena `HD Webcam`.

Chrome ili ndi khomo linanso lakelake, chifukwa tsamba lililonse limapempha chilolezo palokha. Munthu akadina `Block` tsiku lina mofulumira, Chrome imasunga zimenezo. Lembani `chrome://settings/content/camera` pamalo olemba adiresi, ndipo muona kamera imene yasankhidwa komanso masamba amene anakanizidwa. Ngati kagetsi kakuyaka mukangolowa mu Meet koma sikirini ili bii, chithunzi chikufika ndithu, chikungokanika kuoneka. Pa makompyuta akale zimenezi nthawi zina zimatha mukazimitsa `Use graphics acceleration when available` pansi pa `Settings > System` mu Chrome nʼkuitsegulanso.

Pa foni ya Android nzeru yake ndi yomweyi, koma pali msampha. Pulogalamu yojambulira zithunzi kawirikawiri imayamba ndi kamera ya kumbuyo, pomwe kuimba kwa vidiyo pa WhatsApp kumayamba ndi ya kutsogolo. Awa ndi makamera awiri osiyana, choncho kugwira kwa imodzi sikutsimikizira inzake. Tembenuzani kamera mudzijambule nokha kaye. Mukadziona, pitani pa `Settings > Apps > WhatsApp > Permissions > Camera` nʼkupereka chilolezo. Ngati ya kutsogoloyo ili mdima ngakhale mu pulogalamu yojambulira, ndipo kuzimitsa foni nʼkuiyatsanso sikunathandize, pamenepo mʼpomveka kupita kwa okonza.

Pa laputopu nazo nʼchimodzimodzi. Okonza apitireni kamera ikakhala yakuda mʼmapulogalamu onse, kapena chithunzi chikamabwera nʼkumachoka mukamapinda sikirini, pakuti chimenecho chimasonyeza kawaya kodutsa mu hinjesi kamene kayamba kuthothoka. Ndipo inu amene muli ndi mayeso a ntchito kapena kalasi ya pa intaneti, yesani kamera dzulo lake, mu pulogalamu yeniyeni imene mudzagwiritse ntchito tsikulo.