Chikalata cha msonkho chikafika: kuchiwerenga ndi kuchitsutsa

Chikalata chimene bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, MRA, limatumiza kwa wamalonda pomuuza msonkho umene lamuwerengera chimakhala ndi mutu wachingerezi wakuti Notice of Assessment. Chikalatachi chimasonyeza masamu amene bungwelo lachita pa bizinesi ya munthu m'chaka chakutichakuti, ndipo chili ndi mphamvu ya lamulo. Mwini wake akangochipinda n'kuchiika m'kabati, ndalama yolembedwamo imasanduka ngongole yokhazikika, ngakhale masamuwo atakhala olakwika.

Masamuwo amachokera kosiyanasiyana. Nthawi zina amangotsatira fomu ya msonkho imene wamalonda anapereka yekha. Nthawi zina amabwera akuluakulu a MRA atayendera mabuku a bizinesi n'kupeza kuti msonkho unaperewera. Mtundu umene umagwera kwambiri ochita malonda ang'onoang'ono ndi wongoyerekeza: munthu akapanda kupereka fomu, kapena mabuku ake akakhala osakhulupirika, lamulo limalola Komishonala Wamkulu wa MRA kuyerekeza phindu lake potengera zimene akuziona, monga ndalama zolowa ku banki, katundu wolowa pachipata cha dziko, kapena malipoti a mabungwe amene amagula kwa iye.

Powerenga chikalatachi, choyamba kuona ndi dzina, nambala ya wokhoma msonkho yotchedwa TPIN, mtundu wa msonkho ndi chaka chimene akunena. Kenaka pamabwera deti limene chikalata chinalembedwa ndi deti lomaliza kulipira. Ndalama ya pansi penipeni, imene imaimitsa mutu, nthawi zambiri imakhala yophatikiza msonkho weniweni, chindapusa ndi chiwongoladzanja. Zitatuzi ziyenera kupatulidwa, chifukwa chindapusa ndi chiwongoladzanja zimakula kapena kuchepa potsatira msonkhowo.

Wosakhutira ndi masamuwo ali ndi masiku 30 oti alembere Komishonala Wamkulu kalata yotsutsa. Njira yosalakwa ndiyo kuwerenga masikuwo kuyambira pa deti lolembedwa pachikalata, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, osati kuyambira tsiku limene munthu wachitsegula. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amapita ku ofesi, amafotokoza pakamwa, wantchito amawamvetsera bwino n'kunena kuti aonanso nkhaniyo, iwo n'kubwerera kushopu mtima uli m'malo. Koma zokambirana za pakamwa siziimitsa masiku. Chimene lamulo limadziwa ndi kalata yolembedwa, yolandiridwa nthawi isanathe. N'chifukwa chake wopereka kalata azisunga kope lake lodindidwa chidindo cha tsiku limene yalandiridwa. Wochedwa angapemphe kuti amuwonjezere nthawi, koma ayenera kupereka chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, ndipo kulola kapena kukana kuli m'manja mwa Komishonala.

Mfundo ina yolemera ndi yakuti udindo wosonyeza kuti masamu ndi olakwika uli pa wokhoma msonkho. Kalata yongoti "msonkhowu wachuluka, bizinesi sikuyenda" ingakhale yoona, koma siisuntha kanthu. Kalata imene imamveka ndi yoloza nambala imene yalakwika, kunena nambala yoyenera, ndi kuikapo pepala lochitira umboni.

Chitsanzo chongopeka chingaonetse mmene izi zimayendera. Mayi wina amagula nyemba ndi mpunga kwa alimi n'kumagulitsa mumsika komanso kusukulu ina yogonera komweko. A MRA aona kuti ku akaunti yake ya ku banki kunalowa K40 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo aitenga yonse ngati ndalama ya malonda. Iye ananena kuti anagula katundu wa K26 miliyoni, koma iwo avomereza K20 miliyoni yokha chifukwa inayo ilibe malisiti. Achotsanso K2 miliyoni ya lendi ndi mayendedwe. Phindu latsala K18 miliyoni. Kuti masamu aphweke, tiyerekeze kuti msonkho ndi K30 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti chikalata chikufuna K5.4 miliyoni, chindapusa chisanalowepo.

Mayiyu akatenga sitetimenti ya ku banki n'kuiyenda mzere ndi mzere, apeza kuti K6 miliyoni inali ngongole imene anatenga kuti awonjezere mpamba, ndipo K2 miliyoni inali ndalama imene anatapa yekha popita kokagula katundu n'kuibwezanso ku akaunti katunduyo atasowa. Zonsezi si malonda. Malonda enieni ndi K32 miliyoni, ndipo umboni wake ndi kalata ya mgwirizano wa ngongole ndi sitetimenti yomweyo yosonyeza kutuluka ndi kubwerera kwa ndalama.

Nkhani ya katundu wopanda malisiti ndiyo yovutirapo, pakuti mlimi wa kumudzi sapereka lisiti. Mayiyu ali ndi kope limene ankalembamo tsiku, dzina la mlimi, makilogalamu ndi mtengo, alimiwo n'kusainira. Kopelo likukwana K4 miliyoni mwa K6 miliyoni imene inakanidwa. Nzeru yabwino ndiyo kumenyera K4 miliyoni yokhala ndi umboniyo n'kuisiya K2 miliyoni inayo, chifukwa kuumirira pa chinthu chopanda pepala kumafooketsa mfundo zolimba zimene zili m'kalata yomweyo. Katundu wogula akhala K24 miliyoni, phindu K6 miliyoni, msonkho K1.8 miliyoni.

Palinso ndalama imene amalonda ambiri amaiiwala. Sukulu ija, polipira katundu wa K10 miliyoni, inkadula K3 pa K100 iliyonse ngati msonkho wodulidwiratu n'kuutumiza ku MRA m'dzina la mayiyu. Imeneyo ndi K300,000 yolipiridwa kale, ndipo satifiketi imene wodula msonkho amayenera kupereka ndiyo umboni wake. Ikachotsedwa, msonkho umene mayiyu akuvomereza ndi K1.5 miliyoni, ndipo wokanganirana ndi K3.9 miliyoni. Kalata yake yotsutsa itchule nambala ya chikalata, TPIN ndi chaka, iyale mfundo zinayi zimenezi iliyonse ndi pepala lake, imalize ndi nambala imene akupempha kuti ilembedwe m'malo mwa K5.4 miliyoni. Atumize makope okhaokha, mapepala enieni atsale m'manja mwake. Zifukwa zonse zilowe m'kalata yoyambayi, popeza kubweretsa mfundo yatsopano nkhani itapita patsogolo kumavuta.

Kulemba kalata yotsutsa sikuimitsa pakokha udindo wolipira. Malamulo a misonkho amayendera mfundo yakuti ndalama iperekedwe mkangano ukupitirira, pokhapokha Komishonala atalola kuti ziyembekezere. Wosalipira angadzidzimuke banki yake italamulidwa kutapa ndalama mu akaunti yake n'kuipereka ku MRA. Choncho mayi wa m'chitsanzo uja alipire msanga K1.5 miliyoni imene sakuitsutsa, ndipo m'kalata yomweyo apemphe kuti yotsalayo iimitsidwe kaye, kapena kuti amulole kulipira pang'onopang'ono. Afunsenso ku ofesi, ndipo yankho lilembedwe, ngati pali gawo la ndalama yokanganirana limene ayenera kupereka kuti dandaulo lake limvedwe.

Komishonala Wamkulu angavomereze zonse, angavomereze mbali ina, kapena angakane, ndipo amayankha polemba. Wosakhutirabe amachita apilo kunja kwa MRA. Kale nkhani zotere zinkapita kwa woweruza wapadera wotchedwa Special Arbitrator. Lamulo la mu 2021 linakhazikitsa bwalo la apilo za misonkho la Revenue Appeals Tribunal, ndipo pamwamba pake pali Khoti Lalikulu. Apilo nayonso ili ndi masiku ake owerengeka, oyambira pa yankho la Komishonala. Nkhani ikafika pamenepa wamalonda amafunika akauntanti kapena loya, ndipo ayerekeze kaye mtengo wa thandizolo ndi ndalama imene yatsala pamkangano.