Kachizindikiro Kamene Kangachedwetse Malipiro

Tiyerekeze kuti pa kampani ina pali mamanejala atatu, ndipo wa zachuma walandira imelo yonena kuti "The payment needs the manager's approval." Iye apita kwa manejala mmodzi, amusainitsa, ndalama n'kutuluka. Koma ikanalembedwa kuti "the managers' approval", akanayenera kugogoda pa zitseko zonse zitatu. Kusiyana konseku kwagona pa nkhodolero, kachizindikiro kokhala m'mwamba komwe ife timakadziwa m'mawu ngati m'nyumba ndi ng'ombe.

Vuto lake n'lakuti manager's, managers' ndi managers amamveka chimodzimodzi pakamwa. Khutu silingakuthandizeni. Nayo kompyuta nthawi zambiri sidula mzere wofiira, poti onse atatuwo ndi mawu olondola m'Chingerezi.

Njira yosavuta ndi kuyamba mwadzifunsa m'Chichewa kuti chilolezocho n'cha yani. Ngati n'cha manejala mmodzi, lembani mwiniyo kaye, manager, kenako muwonjezere nkhodolero ndi s, zikhale manager's. Ngati n'cha mamanejala angapo, lembaninso eni akewo poyamba, managers. Mawuwa atha kale ndi s, choncho mungoika nkhodolero kumapeto, zikhale managers'. Wowerenga naye angachite zomwezo chobwerera m'mbuyo: aphimbe ndi chala nkhodolero ndi zonse za kumanja kwake, ndipo chotsala kumanzere ndiye mwini chinthu. Chenjerani ndi ulemu wathu pamenepa. Timati "amanejala abwera" tikunena munthu mmodzi, koma Chingerezi chimawerenga mitu basi.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa mawu achitatu aja. Munthu amalemba kuti "All manager's will meet at 9", poganiza kuti s aliyense wa kumapeto amafuna nkhodolero. Apa palibe mwini kanthu, pali anthu angapo chabe amene akumane 9 koloko, ndiye cholondola ndi managers. Yang'anani mawu otsatira. Akakhala dzina la chinthu monga approval, office kapena report, pali umwini. Akakhala mneni monga will meet, nkhodolero isapezekepo.

Mawu ena ochulukitsa satha ndi s, monga women ndi children. Lamulo ndi lomwe lija: mwini kaye, kenako nkhodolero ndi s. Motero timalemba women's, osati womens'. Its ndiye amaphwanya lamuloli, chifukwa posonyeza umwini salandira nkhodolero. It's ndi chidule cha it is kapena it has.

Kwa ine, imelo ikakhudza ndalama kapena siginecha, si bwino kusenzetsa kachizindikiro kamodzi udindo wonse, makamaka poti ambiri amawerenga pa foni ali pa changu. Lembani kuti "approval from all three managers", wa zachuma adziwiretu kuti akufunika masiginecha atatu.