Mutu 6: Tsiku Lolandira Makiyi a Nyumba ya pa Esiteti

Kuyambira pomwe tiyi anayamba kulimidwa ku Thyolo cha m'ma 1908, ntchito ndi pogona zakhala zikuyendera limodzi. Maesiteti monga Satemwa, yomwe inatsegulidwa mu 1923, Conforzi, Makandi, Nchima ndi Naming'omba ali ndi nyumba za antchito zamitundumitundu: za m'malaini, za akapitawo ndi makalaliki, ndiponso zikuluzikulu za mamanejala. Nyumba zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi, choti mwini nyumba ndi yemweyonso amene amakulipirani pakutha pa mwezi. Munthu wochita lendi pa Bvumbwe kapena ku Luchenza akakangana ndi landilodi, chachikulu chimene angaluze ndi dipoziti. Wa pa esiteti ndalama zake zili kale m'manja mwa mwini nyumbayo, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limalola olemba ntchito kudula malipiro kuti abwezeretse katundu amene wantchito wawononga. Lamuloli palokha silolakwa, chifukwa woswa galasi ayenera kulipira galasilo. Koma lamulo silinena kuti galasilo linasweka liti, ndipo mkangano wonse wa tsiku lotuluka m'nyumba umagona pa funso limeneli. Yankho lake limakonzedwa tsiku lolowa, katundu asanatsitsidwe pa thirakitala, pamene zipinda zikadali zopanda kanthu.

Funsoli limavuta kwambiri ku Thyolo chifukwa nyumba za kuno zimakalamba zokha ngakhale wokhalamo akhale wosamala chotani. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa makoma kwa masiku angapo osaona dzuwa. Penti imasupuka, chuku chimamera m'makona, malata amachita dzimbiri pozungulira misomali, chiswe chimadya mafelemu a zitseko kuchokera pansi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, makoma ambiri m'boma lino anatsala ndi ming'alu imene panalibe munthu anaichititsa. Zonsezi ndi kutha kwa nyumba chifukwa cha zaka ndi nyengo, ndipo mwachilungamo kukonza kwake n'kwa mwini nyumba. Kuwononga n'kwina: chitseko chothyoledwa kiyi itatayika, khoma lakuda bii ndi utsi wa mbaula, simenti yapansi yoswedwa powazira nkhuni m'nyumba. Pakatha zaka zitatu mitundu iwiriyi imaoneka ngati umodzi, ndipo amene alibe umboni wa momwe nyumba inalili poyamba amangotsala ndi mawu apakamwa, pomwe mnzakeyo ali ndi buku la malipiro.

Umboni woyamba ndi pepala, ndipo mphamvu ya pepalalo ili m'kuwerenga zinthu, osati m'kuziyamikira. Mawu akuti "zili bwino" sathandiza aliyense, popeza chabwino kwa kapitawo wa nyumba lero sichidzakhala chabwino kwa amene adzalowe m'malo mwake. Tiyerekeze kalaliki wa ku fakitale amene wapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza pa 12 Ogasiti. Pamwamba pa pepala alembe tsikulo, dzina la kompaundi ndi nambala ya nyumba monga yalembedwera pakhomo. Kenako ayende chipinda chimodzichimodzi kuyambira pa chitseko, kutsata khoma la kudzanja lamanja mpaka abwerere pomwe anayambira, kuti pasatsale khoma losaonedwa. Pabalaza alembe kuti mawindo ndi awiri, magalasi onse ndi 12, awiri a windo loyang'ana kumsewu ndi ong'aluka ndipo limodzi palibe. Alembe kuti loko wa chitseko chachikulu akutseka koma kiyi wapatsidwa mmodzi yekha. M'chipinda chakumbuyo muli mng'alu wochokera pakona ya windo kutsika pansi, ndiye aupime ndi lula, apeze kuti ndi masentimita 40, alembe nambalayo ndi kuika kachizindikiro ka pensulo pomwe mng'aluwo wathera. Asangoyang'ana ndi maso: ayatse swichi iliyonse, alowetse chaja m'soketi iliyonse, atsegule mpopi ngati ulipo, agogode felemu la chitseko ndi kiyi. Thabwa lodyedwa ndi chiswe limalira ngati ng'oma yaing'ono pomwe kunja kwake penti ikuoneka yosalala. Ngati nyumbayo ili ndi mita ya magetsi kapena ya madzi, alembe nambala ya mitayo ndi zomwe ikuwerenga, kuopa kudzasenza ngongole ya amene anatulukamo.

Pepala limanena kuchuluka, koma silisonyeza maonekedwe, ndipo apa m'pofunika zithunzi. Cholakwa chofala n'kujambula chilema pafupi kwambiri, moti chithunzi chimangoonetsa mng'alu pa khoma loyera lomwe lingakhale la nyumba ina iliyonse ya m'laini womwewo. Chilema chilichonse chimafuna zithunzi ziwiri. Choyamba chijambulidwe munthu ataima pakhomo, kuti chipinda chonse chioneke pamodzi ndi windo ndi malo amene pali chilemacho. Chachiwiri chikhale chapafupi, lula kapena bolopeni itagonekedwa pambali kuti kukula kwake kudziwike. Chithunzi choyambirira cha zonse chikhale cha kunja kwa nyumba, nambala yake ikuwerengeka. Ajambule masana mawindo ali otsegula, ndipo asaiwale kukweza foni kumwamba, chifukwa madontho achikasu pa siling'i kapena mizere ya dzimbiri kunsi kwa malata ndiyo imaulula pomwe pamadontha. Akamaliza, chithunzi chilichonse achipatse nambala pa pepala lija: pa mzere wa magalasi ong'aluka alembe "chithunzi 4 ndi 5". Popanda kulumikiza kumeneku, zithunzi 30 za m'foni zimasanduka mulu umene ngakhale mwiniwake sadzatha kuufotokoza.

Nanga tsiku la chithunzi lingakhulupirike bwanji? Foni imasunga tsiku ndi nthawi mkati mwa chithunzi chilichonse, ndipo mafoni ambiri amathanso kudinda tsikulo pakona. Koma wotsutsa wochenjera adzanena zoona akati tsiku la m'foni munthu angathe kulisintha yekha. Chimene chimalimbitsa tsiku ndi kutulutsa zithunzizo m'manja mwanu tsiku lomwelo. Kalaliki uja azitumize kwa woyang'anira nyumba za kampani ndiponso kwa mboni yake, kuti uthengawo ukhale m'mafoni atatu ndi tsiku limodzimodzi. Pa WhatsApp asankhe Document potumiza, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa ndipo tsiku lojambulira lomwe linali mkati mwake limafufutika. Lamulo la 2016 lokhudza mauthenga ndi malonda a pa makina limalola mauthenga otere kukhala umboni m'khoti. Pepala nalo likhale la makope awiri ofanana, onse osainidwa ndi wolowa, woimira kampani ndi mboni, tsamba lililonse osati lomaliza lokha, ndipo mpata wotsala pansi ujambulidwe mzere kuti pasadzawonjezedwe kanthu. Kope limodzi lipite ku ofesi, lina likhale ndi wolowayo, amenenso alijambule ndi foni poti chinyezi cha kuno sichisiya pepala.

Tsopano tinene kuti papita zaka zitatu, kalaliki uja wasamutsidwira ku esiteti ina, ndipo oyendera nyumba apeza magalasi anayi osweka kapena osowa, mng'alu wofika masentimita 90 ndi kiyi mmodzi. Popanda pepala, zonse zikanalembedwa pa dzina lake. Ndi pepala, nkhani imatha pa mphindi zochepa. Magalasi atatu anali olembedwa kale, choncho lake ndi limodzi ndipo alipire limodzilo. Kiyi wabweza monga analandirira. Mng'alu wapitirira chizindikiro cha pensulo ndi masentimita 50, zomwe zikusonyeza kuti khoma lakhala likutsika lokha, nkhani ya maziko imene iye sakanaichititsa. Onani kuti pepalalo silinamupulumutse pa chilichonse. Lamugwira pa galasi limodzi, ndipo n'chifukwa chake kampani nayo ili ndi phindu posaina.

Mfundo imeneyi ndiyo yankho kwa amene amati kuyendera nyumba ndi bolopeni m'manja n'kusakhulupirira mabwana, ndipo wongolembedwa kumene ntchito angaoneke wamwano. Manthawo ndi enieni, makamaka kwa othyola tiyi olembedwa kwa nyengo yamvula yokha, amene akuyembekeza kudzaitanidwanso chaka chamawa. Komabe kukhulupirirana kumakhala pakati pa anthu, ndipo anthu pa esiteti amasinthasintha. Kapitawo amene anaona galasi long'aluka n'kunena kuti "musadandaule, tikudziwa" angadzakhale atapuma ntchito pa tsiku lotuluka, pomwe mlandu suwola. Kapemphedwe kakenso kamachepetsa mkwiyo: "Bwana, ndalembako zomwe ndapeza kuti akalipentala adziwe pokonza, mungandisainireko?" Pamene munthu mmodzi akuopa, ndi ntchito yoyenera nthumwi za bungwe la antchito a m'minda la PAWU kupempha kuti fomu yotere izidzazidwa ndi aliyense wolandira nyumba, kuti pasakhale wooneka ngati wovuta.

Ena amati alibe foni yojambula, kapena sadziwa kulemba. Foni yobwereka kwa mnansi imajambula chimodzimodzi, bola zithunzizo zitumizidwenso kwa wachibale wodalirika, ndipo chidindo cha chala chimagwira ntchito ya siginecha ngati mboni yawerenga pepala lonse mokweza. Woimira kampani akakana kusaina, mboni ziwiri zisaine, palembedwe kuti ofesi inapemphedwa pa tsiku lakuti, kope liperekedwebe. Umboni wotere ndi wochepa mphamvu poyerekeza ndi wosainidwa ndi mbali zonse, koma ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo kapena ku khoti la milandu ya ntchito ku Blantyre umaposa kutali mawu a pakamwa.

Chitsutso cholimba kuposa zonse n'choti tsiku limodzi silionetsa zonse. Nyumba yolandiridwa mu Ogasiti imabisa kudontha kwake mpaka mvula yoyamba, ndipo laimu wopakidwa dzulo amaphimba khoma lonyowa. Izi n'zoona, ndipo palibe chithunzi chimene chingajambule madzi amene sanagwe. Chochita n'kulemba mzere umodzi pamwamba pa masiginecha wonena kuti denga silinayesedwe ndi mvula. Mvula yamphamvu yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, wokhalamo ajambule pomwe pakudontha madziwo akadali pansi, alembe kakalata kotchula nambala ya nyumba ndi tsiku la pepala loyamba lija, akapereke ku ofesi sabata yomweyo n'kusunga kope lake. Kalatayi imatetezanso pa mlandu wina umene ambiri sauganizira, woti munaona denga likudontha koma simunanene mpaka siling'i inawola. Mukalandira makiyi m'chilimwe, dziwani kuti kuyendera nyumbayo kudzatha tsiku limene kalata ya mvula yoyamba yalandiridwa ku ofesi.